Mkaka wa mwana wotha nthawi: ndithandizeni kulemba kalata kwa amanijala

Lamulungu, 12 Okutobala 2025

Amake Tadala: Abale, madzulo abwino. Ndabwera ndi nkhani yondiwawa. Dzulo ndinagula zitini ziwiri za mkaka wa mwana, za magalamu 400, m'shopu ina yaikulu m'tauni. Chilichonse K31,500, zonse K63,000. Chimodzi ndinatsegula usiku n'kumupangira Tadala, m'mawa uno ndamupangiranso. Ndiye pomwe ndimapukuta tebulo ndinatembenuza chitini, pansi pake palembedwa EXP 02/09/2025. Chinacho chimodzimodzi. Manja anachita kunjenjemera. Ndakwera minibasi kubwerera kushopuko, mtsikana wa patilu wandiuza kuti amanijala sabwera Lamulungu, n'kundilozera chikwangwani choti katundu ukagula sabwezedwa. Mlonda ndi amene wandinong'oneza kuti mayi, kalembeni kalata. Sindinalembepo kalata yotere. Ndiyambire pati?

Nasimango: Tisanafike kukalata, mwana ali bwanji? Ali ndi miyezi ingati?

Amake Tadala: Miyezi 8. Akusewera bwinobwino, phala wadya. Chimbudzi wachita kamodzi masana, chofewerapo pang'ono koma osati madzi.

Nasimango: Chabwino. Musamupatsenso, ngakhale supuni imodzi. Mkaka wa ana ukadutsa tsiku lake, mavitamini ena amachepa mphamvu ndipo mafuta ake amayamba kuwonongeka. Nthawi zina umanunkha ngati mtedza wakale kapena kuumbika timibulu, koma nthawi zina sumaonetsa chilichonse, ndiye musadalire mphuno. Kumwa kawiri kokha kawirikawiri sikuchita kanthu, komabe usiku uno muziyang'ana. Akatsegula m'mimba katatu kapena kupitirira, akamasanza, thewera likakhala louma maola ambiri, kapena liwombo likalowa, musadikire kuche. Mukapita kuchipatala tengani chitini ndi buku lake lakusikelo, adokotala alembemo zomwe wamwa.

Nagama: Koma inu amake Tadala, mwana wa miyezi 8 bwanji osangomuyamwitsa? Za m'zitinizi n'zimene zimabweretsa mavuto.

Amake Tadala: Ndimayamwitsa m'mawa ndi usiku, amayi. Masana ndimakhala kuntchito ndipo wofinya sukwanira. Sindinagule chifukwa chokonda.

Nagama: Pepani, sindimadziwa.

Chisomo: Kalata ya chiyani anti? Jambulani chitinicho, ikani pa Facebook ndi dzina la shopuyo. Pofika mawa adzakuimbirani okha. Anthu awa amaopa manyazi, saopa pepala.

A Jussa ku Joni: Taimani kaye. Mwawerenga bwino? Pazitini pamakhala madeti awiri, lina la tsiku lomwe anapanga. Komanso katundu wina amalemba mwezi poyamba, tsiku pambuyo. Mungapite kukakalipa pomwe mkaka uli bwinobwino.

Amake Tadala: Pali mizere itatu, achimwene. Woyamba MFG 03/09/2023, wachiwiri EXP 02/09/2025, wachitatu ndi nambala yaitali yokhala ndi zilembo.

Bambo Kamanga: Ndafika mochedwa, ndinali kumsonkhano wa kutchalitchi. A Jussa achita bwino kufunsa, koma apa palibe kukayika. MFG ndi tsiku lopangira, EXP ndi tsiku lothera. Mukawerenga tsiku poyamba, mkaka unatha pa 2 Seputembala, ndiye pofika dzulo panali patadutsa masiku 39. Mukawerenga mwezi poyamba ndiye 9 Febuluwale, zomwe n'zoipa kuposa. Koma onani kuti MFG ndi EXP zatalikirana zaka ziwiri ndendende, ndiye ndi 2 Seputembala. Mzere wachitatuwo ndi nambala ya bachi, yosonyeza gulu la zitini zomwe zinapangidwa limodzi kufakitale, ndipo m'kalata mwanu imeneyo ndi yofunika kuposa mawu onse aukali. Ine ndinagwira zaka 11 m'shopu, zisanu zomaliza ndili supavaiza. Makalata otere ndawalandirapo, ndipo ndikudziwa omwe ankayankhidwa ndi omwe ankangogona m'dirowa. Lisiti muli nalo?

Amake Tadala: Lilipo. Ndinalipira pafoni, uthenga wake ulinso.

Bambo Kamanga: Ndiye muli pabwino. Lijambuleni pompano, pamalo owala, nambala ndi nthawi zioneke. Mapepala a makina aja amafufutika msanga, makamaka m'kutentha kwa Okutobala kuno. Mukalisiya m'chikwama pafupi ndi mafuta odzola, sabata isanathe mudzapeza pepala loyera. Mawa kapangitseni fotokope. Jambulaninso pansi pa zitini zonse ziwiri, ndi kapepala ka mtengo ngati anamatapo. Chitini chosatsegulacho musachikhudze, chidindo chake chikhale momwemo. Chotsegulacho musataye ufa wake, tsekani, kulungani m'jumbo, ikani patali ndi pomwe wolera mwana angachitenge.

Amake Tadala: Ndajambula. Ndinayamba kale kulemba m'minibasi, taonani:

"Kwa Amanijala, ndine wokhumudwa kwambiri ndi khalidwe lanu loipa. Mukufuna kupha ana athu chifukwa cha dyera. Mwana wanga wamwa poizoni wanu. Antchito anu ndi amwano. Mundibwezere ndalama zanga msanga apo ayi muona. Ndikakunenezani konsekonse."

Chisomo: Imeneyo ndiye kalata! Tumizani momwemo.

Aphunzitsi Mbewe: Mkwiyo wanu ndi woyenera, mayi, palibe angakutsutseni. Koma werenganinso ngati ndinu amanijala mawa m'mawa. Mwagula chiyani? Liti? Ndalama zingati? Muli yani, akupezani kuti? Palibe chilichonse mwa izi. Munthu ngakhale atafuna kukubwezerani sangadziwe pogwira.

Bambo Kamanga: Ndi zomwezo. Ndikuuzeni zomwe zimachitika kuseri. Wa patilu sangatulutse ndalama m'dirowa payekha. Madzulo ndalama zimawerengedwa n'kuyerekezedwa ndi zomwe makina alemba, zikapelewera amadulidwa iyeyo pamalipiro. N'chifukwa chake anakulozerani chikwangwani, samafuna kukuzunzani, amadziteteza. Kuti ndalama ibwerere, supavaiza kapena manijala amayenera kulowa m'makina n'kufafaniza malondawo pogwiritsa ntchito nambala ya lisiti, kenako pepala lofotokoza chifukwa limapita kwa akauntanti. Kalata yanu imakhala pepala limenelo. Ikakhala ndi nambala ya lisiti, tsiku, mtengo ndi bachi, mwawagwirira theka la ntchito, amangosaina. Ikakhala ya matemberero okhaokha, manijala amaibisa kuti abwana ake asaione.

Ndipo mawu oti poizoni ndi kupha achotseni. Mwana ali bwino, ndipo tikuthokoza Mulungu. Mukalemba zomwe simungaonetse, nkhani imachoka pachitini n'kupita pa mawu anu. Lembani zoona zokhazokha: anamwa kawiri, mukumuyang'anira.

Nagama: Ine zinandichitikira ndi yogati chaka chatha. Ndinagula mabotolo anayi a ana kusukulu, kufika kunyumba limodzi lotupa ngati mpira, kutsegula kununkha. Ndinabwerera nalo, wa golosale anati mwalisiya padzuwa ndinu. Deti linali lisanakwane, kunatsala masiku 5. Tinakangana mpaka anthu kudzadza, ndinangolisiya pakauntala n'kumapita. Mpaka lero sindigulako. Ndiye ine ndikuti musavutike, amake Tadala, anthu awa sabweza.

Bambo Kamanga: Yanuyo ndi ina, amayi. Yogati wotupa deti lisanakwane ndiye kuti furiji inazima, mwina magetsi atathima, ndipo n'kovuta kuonetsa kuti inazima kwa iwo kapena kwa inu. Apa deti linasindikizidwa ndi fakitale pachitini, tsiku logula linasindikizidwa ndi makina awo omwe. Mapepala awiriwa akuneneza okha.

A Jussa ku Joni: Koma chotsegulacho iwalani. Kuno ngakhale mashopu akuluakulu, chinthu ukatsegula basi n'chako. Pemphani za chimodzi chokha, K31,500, musaoneke adyera.

Bambo Kamanga: Ayi achimwene. Zimenezo zimagwira ntchito ukagula chinthu chabwinobwino kenako n'kusintha maganizo, monga wagula mtundu wolakwika. Chinthu chomwe sichimayenera kukhala pashelefu n'komwe, kutsegula sikuchotsa mlandu wa wogulitsa. Ndipo anthu ambiri amazindikira atatsegula kale. Apemphe K63,000 yonse.

A Jussa ku Joni: Mwina. Koma nawonso ogula tiziyang'ana tisanalipire, manijala adzanena zimenezo.

Amake Tadala: Zitinizo zimakhala m'kabati ya galasi yokiya kuseri kwa tilu. Umangotchula, iwo n'kutenga, n'kuika m'jumbo. Sindinachigwire mpaka kunyumba.

Bambo Kamanga: Chimenecho chilowe m'kalata, m'chiganizo chimodzi. Chikutseka pakamwa aliyense wofuna kunena kuti bwanji simunayang'ane.

Aphunzitsi Mbewe: Nanga chikwangwani chija choti katundu sabwezedwa? Ndimachiona m'mashopu ambiri, pena chimalembedwa pansi pa lisiti.

Bambo Kamanga: Chikwangwani si lamulo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, komanso lamulo la mpikisano ndi chilungamo pamalonda lomwe linali la 1998 ndipo linalembedwanso mwatsopano mu 2024. Bungwe la boma la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pamalonda, ndi lomwe limayendetsa lamulo lachiwirili ndipo limalandira madandaulo a ogula. Wamalonda saloledwa kudzichotsera udindo pa katundu wolakwika pongopachika pepala pakhoma, ndipo kugulitsa zakudya zotha nthawi n'kulakwira lamulo. A MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, ndi a zaumoyo a kukhonsolo nawo amayendera mashopu n'kulanda zoterezi. Koma m'kalata musadzaze malamulo ndi manambala a ndime zomwe simunawerenge, mukalakwitsa imodzi adzakugwirirani pomwepo. Chiganizo chimodzi n'chokwana: mukapanda kuthandizidwa pofika tsiku lakuti, mupita ku CFTC.

Chisomo: Ndiye bwanji osangopita ku CFTC mawa lomwelo? Kapena kwa a CAMA, bungwe loimira ogula, mkulu wawo a Kapito aja amayankhula bwino pawailesi.

Bambo Kamanga: Palibe choletsa. Koma kulikonse komwe mungapite funso loyamba lidzakhala lakuti, mwini shopu munamuuza, anati chiyani? Mukatulutsa kalata yokhala ndi chidindo chawo ndi tsiku lomwe analandira, nkhani imayenda. Mukati ndinangouza mtsikana wa patilu, shopu idzati sitinamvepo. Za Facebook, Chisomo, sindikuti n'zoletsedwa, koma ukatulutsa lero ulibenso chogwira mawa. Komanso ena mu ndemanga amawonjezera zabodza, zoti mwana wagonekedwa, ndipo mlandu wa mawuwo umabwerera kwa iwe.

Amake Tadala: Ndilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi? Chingerezi ndimatha koma ndikakwiya chimandithawa.

Aphunzitsi Mbewe: Ine ndikuti Chingerezi. Kalata ikapita kulikulu lawo kapena kwa eni ake omwe mwina samva Chichewa, isasowe owerenga.

Bambo Kamanga: Ine ndinalandirapo a Chichewa ambiri ndipo tinkawagwirira ntchito. Manambala ndi omwewo m'chiyankhulo chilichonse. Lembani momwe simungalakwitse tanthauzo.

Aphunzitsi Mbewe: Tisakangane. Alembe m'Chichewa, ine ndimasulira usiku uno, apite nazo zonse ziwiri. Maonekedwe ake ndi a kalata ya kuofesi: keyala yanu ndi foni pamwamba, tsiku, kenako Kwa Amanijala ndi dzina la shopu ndi nthambi yake, mutu wa nkhani mzere umodzi. Isapitirire tsamba limodzi.

Amake Tadala: Ndayesanso. Dzina la shopu, keyala ndi manambala ndachotsa pano pagulu, koma papepala zilipo.

"13 Okutobala 2025

Kwa Amanijala,

DANDAULO LA MKAKA WA MWANA WOTHA NTHAWI NDI PEMPHO LOBWEZA K63,000

Loweruka pa 11 Okutobala 2025, nthawi ya 4:20 madzulo, ndinagula zitini ziwiri za mkaka wa mwana za magalamu 400 m'shopu yanu, pamtengo wa K31,500 chilichonse. Ndinalipira pafoni. Nambala ya lisiti ndi ya uthenga wolipirira ndazilemba m'munsimu. Zitinizi anazitenga m'kabati yokiya ndi wantchito wanu n'kuziika m'jumbo, ine sindinazigwire.

Lamulungu m'mawa ndinapeza kuti pansi pa zitini zonse ziwiri palembedwa EXP 02/09/2025. Mkakawu unali utatha nthawi ndi masiku 39 pa tsiku lomwe munandigulitsa. Chitini chimodzi ndinali nditatsegula kale ndipo mwana wanga wa miyezi 8 anamwako kawiri. China n'chosatsegula. Nambala ya bachi ndi imodzi pa zonse ziwiri.

Ndinabwera Lamulungu lomwelo koma ndinauzidwa kuti inu kulibe ndipo katundu sabwezedwa.

Ndikupempha kuti mundibwezere K63,000 yonse pofika Lolemba pa 20 Okutobala 2025, komanso K8,000 yomwe ndawononga paulendo wobwerera kuno kawiri. Ndikupemphanso kuti muchotse pashelefu zitini zonse za bachi imeneyi kuti mwana wina asamwe. Zitini ndi lisiti lenileni ndibweretsa pa tsiku lolandira ndalama. Tsikuli likadutsa osathandizidwa, ndikapereka dandauloli ku CFTC.

Ndaphatikiza fotokope ya lisiti ndi zithunzi za zitini.

Ine wanu,"

Aphunzitsi Mbewe: Eya, iyi ndiye kalata. Munthu woti sanamvepo nkhaniyi akhoza kuimvetsa yonse pa mphindi imodzi. Musaiwale kusaina ndi cholembera.

Bambo Kamanga: Yakhala bwino kwambiri. Ndakondwa kuti simunatchule dzina la mtsikana wa patilu, chifukwa wolakwa si iye. Zoterezi zimayambira kusitolo yakuseri. Katundu watsopano akafika, wopanga mashelefu amayenera kukokera wakale kutsogolo n'kuika watsopano kumbuyo. Akakhala ndi changu amangoika watsopano kutsogolo, wakale n'kumakankhidwira kukhoma mwezi ndi mwezi. Tsiku lina katundu akachepa, zakukhoma zija zimatulukira. M'kabati yokiya n'zoipirapo chifukwa palibe kasitomala wogwiragwira woti n'kuona. Kwathu tinali ndi buku lolemba zonse zotsala ndi miyezi itatu, kuti tibweze kwa otipatsa katundu nthawi isanathe. Buku limenelo likasiya kulembedwa, zotsatira zake ndi izi.

Chimodzi chokha: K8,000 ya mayendedwe ine ndikanaichotsa. Makina amabweza zomwe zili pa lisiti basi. Ndalama ina iliyonse imafuna chilolezo china, mwina cha kulikulu, ndipo ikhoza kuchedwetsa yonse.

Nasimango: Apo sindikugwirizana nanu, bambo. Mayiyu sanapite kutauni kukaona malo. K8,000 ndi ndiwo za masiku angapo. Isiyeni, akakana akane okha.

Bambo Kamanga: Ndiye iikidwe m'chiganizo chakechake, kuti akakana iyo asakanire limodzi ndi K63,000.

Amake Tadala: Ndaipatula. Koma bwanji akandiuza kuti tengani zitini zina ziwiri zabwino m'malo mwa ndalama? Mkaka ndikuufuna ndithu, lero ndachita kukongola kwa mlamu wanga kuti ndigule chitini china kufamase.

Bambo Kamanga: Adzayamba ndi zimenezo, chifukwa kusinthitsa n'kophweka kwa iwo kuposa kutulutsa ndalama. Chisankho n'chanu, koma ganizirani musanalowe mu ofesi, osati muli mkati. Popeza mwagula kale kwina ndipo muli ndi ngongole, ine ndikanaima pa ndalama. Mukavomera kusinthitsa, tembenuzani chitini chilichonse pamaso pawo, ndipo musalandire chotsala ndi mwezi umodzi kapena iwiri.

China chomwe mukonzekere: lisiti sililemba bachi. Manijala wochenjera akhoza kunena kuti inde munagula kuno, koma zitini izi si zathu, mwasinthitsa ndi zakale za kunyumba. Akatero musapse mtima. Muuzeni atsegule kabati muone limodzi zotsalazo, komanso ayang'ane mapepala omwe analandirira katunduyo. Nthawi ili pa lisiti, ngati ali ndi makamera abweze pa 4:20. N'chifukwa chake pitani m'mawa kwambiri, asanasunthe kanthu, ndipo yambani mwayang'ana kabatiyo musanapereke kalata.

Sindikizani makope awiri. Imodzi asunge, inayo adinde, asaine, alembe tsiku, mubwerere nayo. Zitini musapite nazo mawa. Ndinaonapo kasitomala akusiya katundu kuti akaonetse abwana, pobwera mawa lake katundu watayidwa ndipo aliyense akuti sakudziwa.

Nagama: Mupite ndi munthu wina. Ine tsiku la yogati ndinali ndekha, n'chifukwa anandipondereza.

Chisomo: Ine mawa ndilibe kalasi m'mawa, ndikuperekezani anti. Ndikhala chete, ndalonjeza.

Lolemba, 13 Okutobala

Nasimango: Tadala wagona bwanji?

Amake Tadala: Wagona bwino anesi, chimbudzi chabwerera mwakale. Tili panjira.

Amake Tadala: Tatuluka. Tinafika 8 koloko akungotsegula. Ndinapempha mtsikana wina kuti ndione chitini cha m'kabati ngati wogula, kutembenuza, bachi yomweyo, deti lomwelo. Chisomo anajambula. Tinawerenga zinayi za mtundu umenewo. Amanijala anatilandira, anawerenga kalata yonse ali chiimire, kenako anatuma mnyamata kukatenga zitini za m'kabati. Ataona anagwira kumutu. Anapepesa, sananene zoti si zawo. Koma pa chidindo anavuta, akuti chidindo chimakhala ndi akauntanti. Ndinati ndiye sainani ndi dzanja mulembe tsiku, anasaina. Akuti chosatsegulacho abweza ndalama, koma chotsegulacho afunse kaye kulikulu, ndipo Lachitatu ndi holide ya Tsiku la Amayi ndiye ndiyembekeze Lachinayi.

A Jussa ku Joni: Ndinanena ine za chotsegulacho.

Bambo Kamanga: Sanakane, achimwene, akuti afunsa. Amake Tadala, mwalandira ya chimodzicho?

Amake Tadala: Ayi. Anafuna kundipatsa K31,500 pomwepo koma panali pepala loti ndisaine, ndipo sindinamvetse ngati likutanthauza kuti nkhani yonse yatha. Ndinati ndidikira zonse pamodzi.

Bambo Kamanga: Mwachita bwino. Mukanathanso kulandira n'kulemba ndi dzanja lanu pamwamba pa siginecha kuti mwalandira ya chitini chimodzi, yotsala K31,500. Koma kudikira n'kwaukhondo, tsiku lanu la 20 likadali kutsogolo.

Nasimango: Ine mtima wanga uli pa zitini zomwe zinagulidwa kale. Kuyambira 2 Seputembala mpaka Loweruka, ndi amayi angati atenga bachi imeneyo? Ena sadziwa n'komwe kuti deti limakhala pansi. Ngakhale akubwezereni, ine ndikuona kuti a CFTC kapena a khonsolo adziwe.

Aphunzitsi Mbewe: Koma kalata yanena kuti apita ku CFTC akapanda kuthandizidwa. Akathandizidwa n'kupitabe, sizikhala ngati aphwanya mawu awo?

Nasimango: Sanalonjeze kukhala chete. Ndalama ndi nkhani yawo, ana enawo ndi nkhani ya tonse.

Bambo Kamanga: Apa ndili pakati. Ndikudziwa kuti nkhani ikafika kumabungwe, kawirikawiri amene amachotsedwa ntchito ndi mnyamata wa mashelefu, pomwe amene anasiya kuyang'ana buku ali phee. Koma zomwe akunena anesi n'zoona, shopu payokha siingaitane anthu omwe anagula kale. Mwina poyamba apemphe amanijala apachike chidziwitso pakabatipo, cholemba bachi ndi deti, kuti ogula abweze. Akakana, ndiye pali chifukwa chomveka chopitira patsogolo.

Chisomo: Sangapachike zimenezo, ndi kudzineneza okha.

Amake Tadala: Ndikapempha Lachinayi, tione.

Lachinayi, 16 Okutobala

Amake Tadala: Abale, K63,000 yalowa pafoni 11 koloko, ndili mu ofesi momwemo. Ndinadikira uthenga ufike ndisanapereke zitini ndi lisiti. Fotokope ndi kalata yosainidwa ndasunga. Ya mayendedwe akana, akuti alibe njira yoilembera. Anafuna kundipatsa paketi ya matewera m'malo mwake, ndalandira. M'kabati zitini zija mulibe, aika zina za 2027, ndatembenuza ziwiri ndekha. Za chidziwitso akuti sangapachike popanda chilolezo cha kulikulu, koma aliyense wobwera ndi chitini cha bachi imeneyo amubwezera. Ndawafunsa kuti adziwa bwanji oti abwere, sanandiyankhe.

Nasimango: Ndi funso lomwelo. Ine mawa ndili kusikelo, ndiuza amayi onse atembenuze zitini zawo kunyumba, osatchula shopu. Koma kusikelo kwathu sikufika tauni yonse. Nditumizireni zithunzi ndi kalatayo kumbali, mukalola ndikuthandizani kulemba ya ku CFTC.

Bambo Kamanga: Mukalemba, nenani zoona zonse, kuti ndalama anabweza pa 16 ndipo zitini anachotsa. Dandaulo likhale pa zomwe zinagulitsidwa kale.

Amake Tadala: Ndikambirana ndi bambo a Tadala madzulo ano, ndikuyankhani mawa anesi. Panopa ndikupita kukabweza ngongole ya mlamu wanga.

Nagama: Bambo Kamanga, ndatembenuza botolo la mafuta ophikira lomwe ndinagula sabata yatha, palembedwa BB 11/2025, palibe tsiku. Ndiye kuti litha pa 1 Novembala kapena pa 30?

Bambo Kamanga: Akalemba mwezi ndi chaka chokha amatanthauza mpaka kutha kwa mweziwo, ndiye pa 30. Ndi la malita angati?

Nagama: Awiri, ndipo latsala theka.

Bambo Kamanga: Limenelo mumaliza nthawi isanakwane, amayi. Lisungeni pamthunzi, kutali ndi mbaula.